Pulinta ya mu ofesi ikamapempha pasiwedi kapena kunena Access denied, yambani mwaona amene akufunsayo

Mwezi watha ndinaitanidwa ku kaofesi kena ku Kamwala mu Lusaka, ka anthu ogulitsa zipangizo zomangira nyumba, makompyuta asanu ndi pulinta imodzi ya leza yolumikizidwa ndi kebulo ya USB pa kompyuta ya pa resepushoni. Amene anaimba foni ni amayi a ku akaunti, ati "mwana wanga bwera msanga, laputopu ikundifunsa pasiwedi, ndalemba yanga kanayi konse ikukana, kasitomala ali pano akudikira kotesheni." Nditafika ndinapeza atayamba kale kutumizirana mafayilo pa WhatsApp kuti mtsikana wa pa resepushoni aziwapulintira, ma invoyisi ndi malipiro a antchito onse kudutsa pa foni ya munthu. Zimenezi ndimaziona pafupifupi sabata iliyonse, ku Kamwala, mu Cairo Road, ku masukulu a ku Chilenje ndi Matero, ndipo kawirikawiri pulintayo ilibe vuto lililonse. Vuto ni lakuti munthu akupereka pasiwedi yolondola kwa wofunsa wolakwika.

Ndikamba za maofesi ang'onoang'ono omwe alibe seva, kumene pulinta ili pa kompyuta imodzi ya Windows 10 kapena Windows 11 ndipo anzake amapulinta kudzera mwa iyo. Ngati kuntchito kwanu ni kukampani yaikulu kumene akaunti yanu imalowa pa kompyuta iliyonse ya mu ofesi, zimenezo zimayendetsedwa ndi seva, musagwire kalikonse, uzani a zamakompyuta akwanu.

Musanalembe pasiwedi iliyonse, werengani mutu wa kabokosi kamene katuluka pa sikirini. Pali ofunsa atatu ndipo aliyense amafuna chinthu chosiyana.

Kabokosi kakalemba Enter network credentials kapena Connect to kenako dzina la kompyuta ina, amene akufunsa ni kompyuta yomwe ili ndi pulinta ija. Ikufuna dzina ndi pasiwedi ya akaunti yomwe ili pa iyoyo, osati ya pa laputopu yanu. Kakalemba User Account Control, kapena kayamba ndi funso lakuti Do you trust this printer? lokhala ndi batani la Install driver, amene akufunsa ni kompyuta yanu yomwe, ikufuna adimini wake avomere kuikapo dalaiva, kapulogalamu kamene kamathandiza kompyuta kuyendetsa pulintayo. Kachitatu ni kabokosi kokhala ndi dzina la kampani yopanga pulinta, kofunsa Department ID ndi PIN pa makina a Canon, User Code pa Ricoh, Account Track pa Konica Minolta. Apo ni makinawo akuwerenga mapepala a dipatimenti iliyonse, nambala yake ili ndi amene amayang'anira fotokope kapena kampani yomwe inabwereketsa makinawo, Windows sikudziwa kanthu za iyo ndipo simungaikonze ndi zimene ndikambe pansipa. Pitani mukaipemphe basi.

Kwa amayi aja kunali koyamba kaja, ndipo ndi komwe kumavutitsa anthu ambiri, ndiye tikhalitsa pamenepo.

Mmene zimayendera ni motere. Mukadina Print, laputopu yanu imagogoda pa kompyuta ya pa resepushoni ndipo isanakufunseni kalikonse imadzitchula yokha ndi dzina ndi pasiwedi zomwe munalowera nazo m'mawa. Kompyuta ya pa resepushoni imayang'ana m'kaundula wake wa maakaunti. Ikapeza dzina lomwelo ndi pasiwedi yomweyo, imatsegula osafunsa, n'chifukwa chake maofesi ena amapulinta zaka osaonapo kabokosi aka. Ikapanda kulipeza dzinalo, kapena ikalipeza koma pasiwedi n'kusiyana, imakana, ndiye m'pamene kabokosi kamatulukira. Manje ganizirani makompyuta athu ambiri kuno, ogulidwa kale ogwiritsidwapo ntchito m'mashopu a m'tauni, pafupifupi onse amabwera ndi akaunti yotchedwa User kapena Admin. Ku Kamwala kuja ndi zomwe ndinapeza, laputopu ya amayi inali User, ya pa resepushoni nayo User. Zinkayenda chifukwa mapasiwedi anali ofanana kuchokera kushopu. Mtsikana wa pa resepushoni atasintha yake Lachisanu, pa chifukwa chomveka ndithu, anthu ankangokhala pa mpando wake n'kumatsegula zinthu, Lolemba ofesi yonse inaima.

Zinthu zina ziwiri zomwe zimapangitsa pasiwedi "yolondola" kukanidwa. PIN ija ya manambala anayi kapena sikisi yomwe mumatsegulira Windows m'mawa si pasiwedi, imagwira pa makina amenewo okha ndipo pa netiweki siidutsa. Ndipo akaunti yopanda pasiwedi, ija mumangoyatsa kompyuta n'kulowa, Windows imaikaniza kulowa kudzera pa netiweki, ndi mmene inapangidwira. Ndiye ngati ya pa resepushoni ilibe pasiwedi, kusiya malo a pasiwedi opanda kanthu n'kudina OK sikuthandiza ngakhale mutayesa tsiku lonse.

Komanso lekani kuyesayesa. Windows 11 yoikidwa chatsopano kuyambira mtundu wake wa 22H2 imatseka akaunti kwa mphindi 10 munthu akalakwitsa ka 10, ndipo laputopu yomwe inasunga pasiwedi yakale imatha kumagogoda yokha mobwereza mpaka kutsekeretsa mwini akauntiyo pa kompyuta ya pulinta yomwe.

Manje tiyambe kukonza, ndipo tiyambira pa kompyuta yomwe ili ndi pulinta, osati pa yomwe ikudandaula.

Choyamba dziwani dzina lake lenileni. Dinani Start, lembani cmd, tsegulani Command Prompt, lembani ichi:

```
hostname
```

Ya ku Kamwala inayankha RECEPTION-PC, ndigwiritsa ntchito dzina limeneli mpaka kumapeto, inu muziikapo lanu. Lilembeni papepala chilembo ndi chilembo. Kenako pitani ku Settings, Bluetooth & devices, Printers & scanners pa Windows 11, kapena Devices pa Windows 10, sankhani pulintayo, Printer properties, tsamba la Sharing. Onani kuti Share this printer yachongedwa ndipo lembani zomwe zili pa Share name. Ine ndimakonda kulifupikitsa kukhala liwu limodzi lopanda mipata ngati OFESI, chifukwa mudzalilemba ndi manja patsogolo, koma dziwani kuti mukasintha dzinali makompyuta onse amene analumikizidwa kale adzafunika kulumikizidwanso.

Mukadali pomwepo onani mtundu wa netiweki. Pa Settings, Network & internet, tsegulani Properties ya Wi-Fi kapena Ethernet yomwe mukugwiritsa ntchito. Iyenera kukhala Private network. Ikakhala Public, Windows imaganiza kuti muli pa malo a anthu ambiri ndipo imatseka makomo. Izi zimachitika kwambiri rauta ikasinthidwa kapena ofesi ikagula kamodemu katsopano, Windows imaiona ngati netiweki yachilendo. Kenako mu Advanced sharing settings onetsetsani kuti File and printer sharing yayatsidwa ku mbali ya Private.

M'malo omwewo, pansi pa All networks, muona Password protected sharing. Anthu ambiri amathamangira kuizimitsa. Ine sinditero ndipo sindikulangizani kutero. Kuizimitsa ndiye kuti aliyense amene ali pa Wi-Fi yanu, ngakhale kasitomala amene munamupatsa pasiwedi ya Wi-Fi chaka chatha, amalowa ngati mlendo n'kuona mafoda omwe anatsegulidwa kwa Everyone, ndipo kompyuta ya pa resepushoni nthawi zambiri ndi yomwe imasunga makalata ndi masikani a ma NRC a anthu. Komanso masiku ano sikuthandiza kwenikweni, Windows 11 Pro ya 24H2 imakana yokha kulowa ngati mlendo pa kompyuta ina, ndiye mutha kutsegula khomo lonse koma laputopu yatsopano n'kumakanabe.

Njira yabwino ni kupanga akaunti imodzi yapadera, ya pulinta yokha, yomwe pasiwedi yake siisintha munthu wa pa resepushoni akasintha yake kapena akasiya ntchito. Dinani Start, lembani PowerShell, dinani kumanja kwa mawusi, sankhani Run as administrator, ndiye lembani:

```
net user pulinta * /add
```

Kanyenyeziko kakutanthauza kuti ikufunseni pasiwedi. Mukamalemba simuona chilichonse pa sikirini, ngakhale timadontho, musadabwe, lembani n'kudina Enter, ibwerezeninso. Akaunti imeneyi ikhale wamba, musaipatse mphamvu za adimini, chifukwa pasiwedi yake idziwika ndi ofesi yonse.

Mzere wotsatirawu musaudumphe chonde. Kale ndinapanga akaunti yotereyi pa sukulu ina ku Chilenje, zonse zinayenda bwino, ndiye patatha masabata sikisi ndendende ahedi anaimba m'mawa wa tsiku la mayeso kuti makompyuta onse akupempha pasiwedi. Palibe amene anasintha kanthu. Chinachitika n'chakuti Windows imapatsa pasiwedi ya akaunti yopangidwa chonchi masiku 42, akatha imafuna isinthidwe, koma popeza palibe munthu amene amalowa ndi akauntiyo pa kiyibodi, palibe amene amaona chenjezo. Inangofa mwakachetechete ndipo ana anayamba mayeso mochedwa, zinandiwawa kwambiri. Kuyambira pamenepo mzere uwu ndimaulemba nthawi yomweyo:

```
Set-LocalUser -Name pulinta -PasswordNeverExpires $true
net user pulinta
```

Mzere wachiwiriwo ukuonetsani zambiri za akauntiyo, yang'anani pa Password expires, payenera kulembedwa Never. Amene mumakonda kupanga akaunti kudzera mu lusrmgr.msc, yomwe imapezeka pa Pro koma pa Home palibe, chotsani chongi pa User must change password at next logon, imabwera yochongedwa kale ndipo ikatsala akauntiyo siilowa pa netiweki.

Chomaliza pa kompyuta iyi ni chilolezo cha pulinta yeniyeniyo. Bwererani ku Printer properties, tsamba la Security. Mwachizolowezi pamakhala Everyone wokhala ndi chongi cha Allow pa Print, zikakhala choncho musagwire. Ngati wina anamuchotsa, dinani Add, lembani pulinta, OK, mupatseni Allow pa Print pokha. Yang'ananinso mzere wa Deny pa dzina lililonse, chifukwa Deny imaposa Allow nthawi zonse. Ndinaonapo bwana wina amene anafuna kuletsa mnyamata m'modzi kupulinta mapepala a kusukulu kwake, anachonga Deny pa Everyone n'kuwonjezera mayina a ena ndi Allow, mapeto ake ngakhale iye mwini sankapulinta, chifukwa nayenso ali m'gulu la Everyone. Apa m'pamene pamachokera Access denied weniweni, uja wobwera pasiwedi italandiridwa kale, nthawi zina amalembedwa ngati 0x00000005.

Tsopano tipite pa laputopu yomwe ikudandaula. Apa ntchito yaikulu ni kuichititsa kuiwala zakale. Windows imasunga mapasiwedi a pa netiweki mu Credential Manager, ndipo ikasunga yolakwika imangoitumiza yomweyo, nthawi zina osakufunsaninso, n'kumangoti Access denied kapena ntchito n'kumangokhala pamzere osatuluka. Lowani ndi akaunti ya munthu amene amapulintayo, izi n'zofunika, chifukwa zosungidwazi ni za munthu aliyense payekha. Mukazikonza mutalowa ngati adimini wina, mwakonzera adiminiyo, mwini laputopu akalowa apeza vuto lili pomwepo. Tsegulani Command Prompt wamba, osati Run as administrator, lembani:

```
cmdkey /list
```

Yang'anani mzere uliwonse wokhala ndi dzina la kompyuta ya pulinta kapena nambala yake ya IP, yomwe ndi adiresi yake pa netiweki. Pa laputopu ya amayi aja panali iwiri, wina wa RECEPTION-PC wina wa 192.168.1.23, yonse ya User ndi pasiwedi yakale. Fufutani, kenako ikani yatsopano:

```
cmdkey /delete:RECEPTION-PC
cmdkey /add:RECEPTION-PC /user:RECEPTION-PC\pulinta /pass
```

Ikufunsani pasiwedi, lembani ya akaunti ya pulinta ija. Wa IP nawonso ufufuteni mwanjira yomweyo. Amene simukonda zolemba pa sikirini yakuda, zomwezi zimatheka mu Control Panel, Credential Manager, Windows Credentials, pali Remove ndi Add a Windows credential.

Taonani bwino mmene dzina lalembedwera, dzina la kompyuta ya pulinta, kamzere kopendekera kumbuyo, kenako dzina la akaunti. Kalembedwe kameneka kamauza Windows kuti akauntiyi ikafufuzidwe ku RECEPTION-PC. Mukalemba pulinta pokha, nthawi zina Windows imaikako yokha dzina la laputopu yanu kapena la akaunti yanu ya Microsoft kutsogolo, ndiye mumangodabwa kuti bwanji ikukana. Ngati kabokosi kaja katulukanso ndipo kakuonetsa kale dzina lina, dinani More choices kenako Use a different account, lembani dzina lonse, ndipo chongani Remember my credentials.

Mukatero zimitsani laputopu ndi Restart. Osati kutseka chivundikiro, osati Shut down, koma Restart, chifukwa kulumikizana kwakale kumatsalira ndipo Windows siilola munthu m'modzi kulowa pa kompyuta imodzi ndi mayina awiri nthawi imodzi.

Ikayaka, musathamangire ku pulinta. Yesani kaye khomo lokha, kuti mudziwe ngati vuto la pasiwedi latha. Mzere uwu ndimaukonda chifukwa suyankha mozungulira, umapereka nambala:

```
net use \\RECEPTION-PC\IPC$ /user:RECEPTION-PC\pulinta *
```

Ikayankha The command completed successfully, khomo latseguka. Ikati System error 1326, dzina kapena pasiwedi ndiyolakwika, yang'anani Caps Lock ndipo onetsetsani kuti makiyibodi awiriwa sakusiyana, pa kiyibodi ya UK ndi ya US zizindikiro za @ ndi " zimasinthana malo, ndipo makompyuta athu kuno amabwera osakanikirana, ndiye pasiwedi ya pulinta ndi bwino ikhale yaitali koma ya zilembo ndi manambala okha. Ikati 1219, kulumikizana kwakale kukadalipo, mwina pali foda ya pa kompyuta yomweyo yomwe imadzilumikiza yokha ndi dzina lina, ichotseni kaye. Ikati 1909 akauntiyo yatsekedwa chifukwa choyesayesa, dikirani mphindi zija. Ikati 53, nkhani si ya pasiwedi n'komwe, laputopu siikuiona kompyuta inayo, mwina yazima, yagona, ili pa Public, kapena wina walumikiza laputopu ku hotisipoti ya foni yake m'malo mwa Wi-Fi ya ofesi. Chomalizachi chimachitika kwambiri malaiti akapita, aliyense amathawira pa foni, akabwera amaiwala kubwerera.

Nkhani ya malaiti ili ndi mbali inanso. Ambiri amalumikiza pulinta ndi nambala ya IP m'malo mwa dzina. Kwa Windows, RECEPTION-PC ndi 192.168.1.23 ni malo awiri osiyana, pasiwedi yosungidwa pa limodzi siigwira pa linzake. Malaiti akazima n'kuyaka rauta imatha kugawa manambala mwatsopano, kompyuta ija n'kukhala 192.168.1.27, ndiye pulinta yosungidwa ndi nambala yakale imasowa, mukailumikiza ndi yatsopano ikupemphaninso pasiwedi. Gwiritsani ntchito dzina, kapena ngati dzina silikupezeka pa netiweki yanu, uzani rauta kuti nambala imeneyo izisungira kompyuta imeneyo basi.

Khomo likatseguka, chotsani pulinta yakale pa Printers & scanners ndi Remove, kenako dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani \\RECEPTION-PC n'kudina Enter. Muona pulinta ija ndi dzina lake la OFESI, dinani kumanja, Connect. Kwa amayi aja apa m'pamene panatulukira wofunsa wachiwiri uja.

Kabokosi ka Do you trust this printer? kanabwera, tinadina Install driver, kenako User Account Control n'kupempha pasiwedi ya adimini. Amayi anafuna kulembanso ya pulinta ija yomwe tinali titangopanga, ndinawagwira dzanja, ndinati "ayi amayi, uyu ni wina, uyu ni wa m'nyumba mwanu momwe." Chiyambi chake n'chakuti mu 2021 kunapezeka chiboo chachikulu mu gawo la Windows loyendetsa zopulinta, chinatchuka ndi dzina lakuti PrintNightmare, munthu woipa ankatha kulanda kompyuta kudzera mu dalaiva wabodza. Kuyambira apudeti ya pa 10 Ogasiti 2021, Microsoft inakhazikitsa kuti dalaiva wochokera ku kompyuta ina aziikidwa ndi adimini yekha. Ndiye ngati akaunti yanu ni wamba, pakufunika munthu amene ali ndi pasiwedi ya adimini wa laputopu imeneyo, alembe kamodzi basi, dalaiva akalowa sidzafunsanso mpaka dalaivayo atasinthidwa ku mbali ya resepushoni. Ku Kamwala pasiwediyo inali ndi abwana, tinawaimbira, anabwera kuchokera kusitolo n'kulemba okha. Mukamva wina akukuuzani kuti musinthe RestrictDriverInstallationToAdministrators kukhala 0 mu Registry kuti isamafunse, dziwani kuti akukuuzani mutsegulenso chiboo chomwe chija pa kompyuta ya malipiro, chifukwa cha kufunsidwa kamodzi.

Nthawi zina pasiwedi zonse zimadutsa koma Connect imathera pa Windows cannot connect to the printer ndi nambala ngati 0x0000011b kapena 0x00000709. Ya 0x0000011b inafala kuyambira apudeti ya Seputembala 2021, pamene Windows inayamba kuumiriza kuti zokambirana za pulinta pakati pa makompyuta zikhale zotetezedwa. Imakonda kutuluka pamene kompyuta imodzi ili ndi maapudeti atsopano inayo inatsalira kutali, ndipo m'maofesi athu zimachitika chifukwa anthu amazimitsa maapudeti posunga mabando. Choyamba ni kuchita apudeti mbali zonse ziwiri. Zikakanikabe, pali njira ina yomwe yandipulumutsa kambirimbiri ndipo siifuna kufooketsa chitetezo chilichonse.

Koperani dalaiva wa pulintayo kuchokera pa tsamba la kampani yomwe inaipanga, muikeni pa laputopu ngati adimini. Kenako pa Printers & scanners dinani Add device, dikirani mpaka patuluke Add manually kapena The printer that I want isn't listed. Sankhani Add a local printer or network printer with manual settings, kenako Create a new port, mtundu wake Local Port. Ikafunsa dzina la poti lembani njira yonse:

```
\\RECEPTION-PC\OFESI
```

Ndiye sankhani dalaiva uja pa mndandanda. Laputopu imaona ngati pulinta ndi yake, imakonza yokha tsamba n'kungoponya ku kompyuta inayo monga mmene imaponyera fayilo mu foda. Koma njirayi imadalira kwambiri pasiwedi yosungidwa ija, ikakhala kuti mulibe mu Credential Manager, pomwe mukulemba dzina la poti pomwepo imakuyankhani Access is denied osakupatsani mpata wolemba kalikonse. Kuipa kwake n'kwakuti simuona uthenga wa tona kapena wa pepala lotha pa laputopu, muyenera kukaona pa makinawo.

Pali vuto lina latsopano lomwe ndayamba kukumana nalo pa makompyuta ogulidwa gulu limodzi kushopu imodzi. Mashopu ena amaika Windows pa kompyuta imodzi n'kukopera disiki yonse ku zinzake, ndiye onse amakhala ndi nambala yachizindikiro yofanana yotchedwa SID. Kuyambira maapudeti a kumapeto kwa Ogasiti ndi Seputembala 2025, Windows 11 ya 24H2 kupita mtsogolo imakana kulowetsana pakati pa makompyuta a SID yofanana, imangopempha pasiwedi mobwereza ngakhale ili yolondola. Ngati mwachita zonse pamwambapa koma ikukanabe, lembani whoami /user pa makompyuta onse awiri, muona nambala yaitali yoyamba ndi S-1-5-21. Yerekezani zigawo zitatu zazitali zapakati, kusiya kachigawo komaliza. Zikafanana, pasiwedi siingakonze zimenezo, imodzi mwa makompyutawo ikufunika kuikidwa Windows mwatsopano, sungani mafayilo kaye.

Ndisanachoke ku Kamwala ndinazungulira kumbuyo kwa pulintayo kukaona ngati ili ndi kabowo ka kebulo ya netiweki. Ndimachita zimenezi kulikonse, chifukwa theka la mapulinta omwe ndimawapeza pa USB ali nako kabowoko kapena ali ndi Wi-Fi, anthu sanauzidwe chabe. Ikakhala nako, ilumikizeni ku rauta, pulintani tsamba lake la zoikamo kuti muone IP yake, uzani rauta isunge nambalayo, ndiye pa kompyuta iliyonse sankhani Add a printer using an IP address or hostname. Pamenepo palibenso akaunti ya pa resepushoni, palibe kudikira kuti kompyutayo iyatsidwe, komanso mwathawa malire a Windows 10 ndi 11 omwe amalola makompyuta 20 okha kulumikizana nayo nthawi imodzi. Dalaiva yekha ndi amene adzafunabe adimini kamodzi.

Ya ku Kamwala inalibe, inali ya USB yokha, ndiye tinatsala ndi akaunti ya pulinta ija. Ndinabwereza cmdkey ndi Restart pa makompyuta atatu otsalawo, awiri anadutsa ndi Connect, imodzi yakale yomwe inali isanaone apudeti kwa nthawi yaitali inafuna njira ya Local Port. Kompyuta ya pa resepushoni ndinaiuza isamagone ikakhala pa magetsi, pa Power & sleep ndinaika Never, chifukwa ikagona onse amaona pulinta ili Offline. Dzina la RECEPTION-PC\pulinta ndi pasiwedi yake ndinalemba papepala, amayi analiika mu kabati yomwe amakhoma limodzi ndi buku la macheke, ndipo ndinauza abwana kuti kompyuta ya pa resepushoniyo ikadali pa Windows 10 yomwe thandizo lake wamba linatha pa 14 Okutobala 2025, tsiku limene adzaisinthe akumbukire kupanga akaunti ya pulinta pa yatsopanoyo ndi kuipatsa dzina lomwelo, apo ayi adzayenera kuzunguliranso makompyuta onse anayi.